Luangwa, mtsinje umene umasiya njira zake zakale

Kumapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, kuli timifuleni tothamanga pamiyala timene mwana akhoza kulumpha. Kumeneko, pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,500, ndi kumene Luangwa amayambira ulendo wa makilomita oposa 700 wopita ku Zambezi.

Kugwero kumeneku madzi ndi ochepa koma phiri ndi lotsetsereka, choncho mphamvu yonse imathera pokumba pansi. Miyala imene madzi akugubuduza ndi imene imaperesa thanthwe, ndipo chigwa chimakhala chakuya ndi chopanikiza, cha mathithi apa ndi apo. Mwala ukachoka kuno uli ndi nsonga, pofika kumunsi umakhala utasalala, mwinanso utasanduka mchenga.

Zinthu zimasintha mtsinje ukatsikira m'chigwa chachikulu chokhala kummawa kwa mapiri a Muchinga. Pano malo ndi athyathyathya, timitsinje tambiri tathiramo madzi, ndipo magombe ndi a mchenga ndi dothi lofewa. Mtsinje umaleka kukumba pansi n'kuyamba kudya m'mbali. Pakangokhala kukhota pang'ono, madzi othamanga kwambiri amakankhikira kugombe lakunja, n'kumalifukula kunsi mpaka dothi lapamwamba litagumukira m'madzi. Pansi pa mtsinje madzi amabwerera cham'mbali kulowera kugombe lamkati, atanyamula mchenga, ndipo poti kumeneko amayenda pang'onopang'ono, amautula pomwepo. Gombe lina likamadyeka linalo likukula, ndiye kukhota kuja kumakulirakulira chaka ndi chaka.

Munthu ataima pagombe akhoza kudziwa kumene mtsinje ukulowera. Kumene ukudya, gombe limakhala loima chilili, mizu ya mitengo ili pamtetete, nthaka itang'ambika ming'alu motsatira m'mphepete, ndipo madzi ndi akuya. Kutsidya kwake kumakhala mchenga wotsetsereka bwino, kumene ng'ona zimaothera dzuwa ndipo bango limayamba kumera. Ndimamva chisoni ndikaona nyumba kapena dimba lili kugombe lodyekalo, chifukwa mtengo ngakhale waukulu sungaimitse madzi amene akufukula kunsi kwa mizu yake.

Tiyerekeze kuti mtsinje wakhota mpaka kutsala pang'ono kudzipeza wokha. Pozungulira madzi akuyenda makilomita 3, koma kamtunda kolekanitsa poyambira ndi pothera kukhotako ndi ka mamita 200 okha. Ngati mbali iliyonse ikudyeka mamita 10 pachaka, kamtundako kakuchepa ndi mamita 20, ndipo pakutha zaka 10 sikadzakhalaponso. Kawirikawiri mtsinje sudikira n'komwe. Ukasefukira m'dzinja madzi amadutsa pamwamba pa kamtunda kaja, ndipo chifukwa akutsika muyeso womwewo pa mamita 200 m'malo mwa 3,000, njira yachiduleyo ndi yotsetsereka kuchulukitsa ka 15. Amathamanga, amakumba ngalande, ndipo madzi akamaphwa mtsinje umapezeka utasamukira momwemo.

Njira yakale ija siuma tsiku lomwelo. Madzi olowamo amafooka, choncho amatula mchenga ndi matope pakhomo pake, kenaka potulukira, mpaka mbali zonse zitatsekeka. Chotsala ndi thamanda lopindika ngati chikwakwa, lotalikirana ndi mtsinje. Kunkhalango yosungirako nyama ya South Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, mathamanda otere ndi ambiri, ndipo limodzi lodziwika ndi Luangwa Wafwa. Mvuu zimakhala momwemo, njovu ndi njati zimadzamwa m'chilimwe. Koma thamanda silikhalitsa mpaka kalekale: chigumula chilichonse chimasiyamo matope, zomera zimawolera pansi, ndipo limasanduka dambo la msipu wobiriwira. Dambo lopindika pakati pa tchire limasonyeza pamene mtsinje unkadutsa kale.

Mabuku a kusukulu amaphunzitsa kuti mtsinje umayamba ndi mapiri, n'kufika pokhotakhota, n'kumalizira pachigwa chotambalala. Luangwa satsata ndondomeko imeneyi ndendende. Kumunsi, chakumene kuli mlatho wa msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, amalowanso pakati pa mapiri, chigwa n'kuchepa, kukhotakhota kuja n'kucheperatu. Chimene chimalamula khalidwe la mtsinje ndi kutsetsereka kwa malo ndi kulimba kwa nthaka, osati kutalika kwa ulendo umene wayenda.

Luangwa amathira mu Zambezi pamene tauni ya Luangwa yayang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Zambezi ndiye amene amafika kunyanja yamchere ya India, atalandiranso madzi a Shire. Kumeneko liwiro limatheratu, matope amakhazikika n'kutseka njira, ndipo mtsinje umagawika mphanda zingapo zodutsa m'zisumbu za matope. Tauni ya Chinde ili pa imodzi mwa mphanda zimenezi.