Nyimbo imayambira m'dzanja la woimbitsa, pakamwa pasanatseguke

Loweruka madzulo, m'tchalitchi mutatsala mabenchi okhaokha, kwaya yaima mizere iwiri kutsogolo kwa guwa. Amayi a sopulano ndi alito ali patsogolo, abambo a tena ndi besi kumbuyo. Woimbitsa wapereka mawu oyambira, aliyense wang'ung'udza ake. Akweza dzanja, aliimika m'malere, kenaka aligwetsa mwadzidzidzi ngati akupha udzudzu. Awiri a sopulano alowa msanga, ena atsatira, a besi afika mochedwa ngati alendo. Woimbitsa akwinya nkhope nkuuza anthu ake kuti sakumvetsera.

Ndaonapo zimenezi kangapo, ndipo nthawi zambiri wolakwa sakhala woimba ayi. Anthu aja anali tcheru, maso onse ali pa iye. Chimene sanapatsidwe ndi nthawi yokoka mpweya. Munthu sangatulutse mawu asanapume, ndipo anthu makumi atatu sangapumire pamodzi popanda wowasonyeza nthawi yake. Ntchito yoimbitsa yagona pamenepa, ndipo njira zoyendetsera dzanja zija, za ziwiri, zitatu ndi zinayi, zinakhazikitsidwa kuti zithandize ntchito imeneyi.

Tiyambe ndi pepala. Makwaya ambiri m'mipingo yathu amaphunzira nyimbo ndi solofa, njira ya do, re, mi imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno inafika ndi amishoni. Pa pepala la solofa, nyimbo imadulidwa m'zigawo ndi mizere yoimirira. Mawu obwera mzere wautali utangodutsa ndiwo amagwa pa kugunda kwamphamvu, kumene oimba ambiri amangoti biti yoyamba. Madontho awiri osanjikizana amasonyeza biti yopepuka. Mukawerenga mabiti kuchokera pa mzere wautali kufika pa unzake, mudziwa ngati nyimboyo ikuyenda ziwiriziwiri, zitatuzitatu kapena zinayizinayi. Pa zolemba za manotsi, nambala za koyambirira monga 2/4, 3/4 ndi 4/4 zimanena zomwezo, ndipo nambala ya pamwamba ndiyo imatchula kuchuluka kwa mabiti.

Lamulo limene limagwira njira zonsezi ndi limodzi: biti yoyamba imapita pansi, yomaliza imakwera m'mwamba. Woimba amene wasochera pakati pa ndime, akangoona dzanja likutsika molunjika, amadziwa kuti chigawo chatsopano chayamba, nkudzipeza.

Pa nyimbo ya ziwiri, dzanja lamanja limatsika, nkukhotera pang'ono kumanja ngati mbedza, kenaka limabwerera m'mwamba kudzera njira yomweyo. Pa ya zitatu limatsika, limapita kumanja, kunja kwa thupi, nkukwera kubwerera kumene linachokera. Pa ya zinayi limatsika, limadutsa kumanzere kutsogolo kwa chifuwa, limawolokera kumanja, nkukwera. Kumanja ndi kumanzere kumene tikunena pano ndi kwa woimbitsa mwiniwake. Ongoyamba kumene amakonda kusokoneza pa biti yachiwiri, poiponya kumanzere m'nyimbo ya zitatu. Chokumbukira chake nchosavuta: biti yotsatizana ndi yomaliza nthawi zonse imapita kunja, kumanja, kuti dzanja lipeze malo okwerera. Nyimbo zothamanga za 6/8 sizivuta. Mabiti asanu ndi imodzi aja amangomangidwa mitolo iwiri, dzanja nkuyenda ngati pa nyimbo ya ziwiri.

Kudziwa njira ya dzanja ndi chinthu cha tsiku limodzi. Chovuta ndi kusonyeza pamene biti yagwera penipeni. Yerekezani kuti patsogolo panu pali tebulo lofika pakati pa mchombo ndi chifuwa. Biti iliyonse, ngakhale ya kumanzere kapena kumanja, iyenera kukhudza tebulo limenelo ndi nsonga za zala, nkunjanja pang'ono monga umachitira mpira ukagunda pansi. Kukhudzako ndiye biti. Dzanja likamangoyandama mozungulira ngati likutakasa phala, oimba amaona kuyenda koma saona pogwera, ndipo aliyense amadzisankhira nthawi yake. Chizindikiro chake mudzachimva ndi khutu: nyimbo imayamba kukoka, ndime yachitatu imafika ili yolemera kuposa yoyamba, ndipo mawu ngati ta ndi ka amamveka kawiri kapena katatu m'malo mwa kamodzi.

Tsono tibwerere kwa woimbitsa wathu uja. Chimene anasiya ndi biti yokonzekera. Kwaya isanalowe, dzanja liyenera kumenya biti imodzi yopanda mawu, ndipo ikhale imene imabwera patsogolo pa biti yolowera. Ngati nyimbo ya zinayi ikuyambira pa biti yoyamba, woimbitsa amamenya yachinayi, ija yokwera, akukoka mpweya iyenso, pakamwa patatseguka pang'ono, kenaka dzanja litsika ndipo mawu atuluka. Biti imodziyo imanena zinthu zitatu nthawi imodzi. Imanena liwiro, chifukwa kutalika kwake kuyenera kufanana ndi kwa mabiti onse otsatira. Pa nyimbo yoyenda mabiti 60 pa mphindi, imatenga sekondi imodzi yathunthu. Imanena mphamvu ya mawu, chifukwa dzanja likakwera pang'ono oimba amalowa motsitsa, likakwera kwambiri amalowa mokweza. Imanenanso mtima wa nyimbo: ya maliro imakonzekeredwa mofatsa, ya chikondwerero mwachangu. Woimbitsa amene amakweza dzanja mothamanga koma akufuna nyimbo yodekha wanamiza anthu ake asanayambe nkomwe.

Nyimbo zambiri za m'mabuku a mipingo siziyambira pa biti yoyamba, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Pa pepala la solofa mudzazizindikira poona kuti mzere woyamba wayamba ndi madontho awiri, osati mzere wautali. Titenge Amazing Grace, imene mawu ake analemba John Newton ndipo anasindikizidwa mu 1779. Maimbidwe ake odziwika aja ndi a zitatu, ndipo amayambira pa biti yachitatu, pa so wa m'munsi, kenaka do nkugwera pa biti yoyamba ya chigawo chotsatira. Woimbitsa ayike dzanja pakati, pa tebulo lija, alisiye litakhala chete mpaka maso onse afike pa iye. Kenaka amenye biti yachiwiri, kupita kumanja, akupuma. Pamene dzanja likhudza biti yachitatu nkuyamba kukwera, kwaya ilowa ndi so. Likatsika, onse agwera pa do limodzi. Akalakwitsa nkuyamba ndi kutsitsa dzanja, theka la kwaya lidzaika so pa biti yamphamvu, ndipo nyimbo idzayenda motsimphina mpaka wina wa mawu akulu ayikokere m'njira.

Ena amathawa vutoli powerenga mokweza kuti wani, thuu, kapena pomenya chigawo chathunthu kwaya isanalowe. Pa pulakatisi palibe cholakwika. Koma pamaso pa mpingo, mabiti ochuluka opanda mawu amapatsa oimba mpata wolowa msanga, chifukwa sadziwa kuti yeniyeni ndi iti. Biti imodzi yomveka bwino imakwana.

Chilankhulo chathu chili ndi zake zimene mabuku ochokera kunja sanena. Mawu ambiri a Chichewa amayamba ndi mb, nd, ng kapena nkh. Ngati woimba ayamba kutulutsa m wa Mbuye pamene dzanja lakhudza kale biti, liwu la u lidzamveka mochedwa. Kaphokoso ka m'mphuno kaja kayenera kuyamba dzanja lisanafike, kuti liwu lotseguka ligwere pa biti. Biti yokonzekera ikakhala yokwanira, izi zimachitika zokha. Kumapeto nakonso nkosiyana. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, kotero palibe t kapena s wotsekera monga m'Chingerezi. Woimbitsa akapanda kudula, aliyense amasiya mpweya wake ukatha, ndipo nyimbo imafa pang'onopang'ono, mayi mmodzi wa alito atatsala yekha m'malere. Kudula nako kumafuna chenjezo. Dzanja liime potseguka nthawi yonse imene liwu likukokedwa, kenaka lizungulire kabwalo kakang'ono nkutseka zala. Kuzungulirako ndiye chenjezo, kutsekako ndiye mapeto. Ngati pali ndime ina yotsatira, dzanja lomwelo likatseka limakwera nthawi yomweyo, ndipo kukwerako kumakhala mpweya wa ndime yatsopano.

Nanga dzanja lamanzere? Ndimadandaula ndikaona woimbitsa akuyendetsa manja onse awiri mofanana kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, chifukwa wataya chida. Lamanzere liyenera kupuma pafupi ndi mimba, kuti likatuluka anthu adziwe kuti pali uthenga. Chikhatho chikayang'ana kumwamba nkukwera, mawu akwere. Chikayang'ana pansi kapena kwa oimba nkutsika, mawu atsike. Ntchito yake yaikulu ndi kulowetsa gulu limene linali chete. Tinene kuti a besi akudikira zigawo ziwiri, ndipo alowa pa biti yachitatu m'nyimbo ya zinayi. Maso a woimbitsa afike kwa iwo chigawo chimodzi nthawi isanakwane, kuti adziwe kuti sanaiwalidwe. Pa biti yachiwiri dzanja lamanzere likwere kuloza kwa iwo, iye akupuma nawo, ndipo pa yachitatu litsike pang'ono ngati akuwapatsa kanthu m'manja. Lamanja lisaleke ntchito yake. Kuloza ndi chala pa biti yolowera yeniyeniyo nkuchedwa kale, chifukwa anthuwo sanapume. Ndipo woimbitsa amene maso ake ali pa pepala sangalowetse munthu, choncho malo onse olowera ayenera kukhala pamtima.

Si nyimbo zonse zofuna zimenezi. Makorasi athu ambiri ali ndi wotsogolera amene amayamba yekha ena nkuvomera, ndipo ng'oma, m'manja ndi masitepe zimasunga nthawi bwino kuposa dzanja lililonse. Pamenepo woimbitsa wanzeru amachepetsa manja, nkungosonyeza pobwereza, potsitsa mawu ndi pomalizira. Ndaonanso pa zikondwerero za makwaya oimbitsa ena akudumpha ndi kupotokola thupi mpaka anthu kuwaombera m'manja. Zimasangalatsa, koma kwaya yotere imakhala ikuimba zimene inaloweza, ndipo tsiku limene wa kiyibodi adzayambe ndi liwiro lina, dzanja lija silidzatha kuibweza.

Kwa inu amene mwangopatsidwa kumene udindo woimbitsa, yesani ichi pa pulakatisi ikubwerayi. Auzeni oimba anu kuti atchule ta pamene akuona kuti dzanja lanu lagunda, inu osalankhula kapena kuwerenga. Sinthani liwiro kangapo, muyambire pa biti yoyamba, kenaka pa yomaliza. Mukamva ta mmodzi, dzanja lanu likumveka. Mukamva atatu, musawakalipire. Kaimeni pagalasi kunyumba, mukonze biti yokonzekera, mudzayesenso Loweruka linalo.