NDALAMA ZOBWERA M'ZIGAWO: KUWERENGERATU ZOLOWA NDI ZOTULUKA

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, phunziro lathu la lero likunena za nchito imene malipiro ace sabwera onse pamodzi, koma m'zigawo. Munthu wogwira nchito yotere ali ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi ndidzapeza phindu? Laciwiri ndi lakuti, kodi pa tsiku limene ndiyenera kulipira kanthu, ndalama zidzakhala zili m'manja mwanga? Anthu ambiri amayankha funso loyamba lokha. Ife lero tifuna kuphunzira kayankhidwe ka laciwiri, pakuti nchito yokhala ndi phindu ikhoza kuima panjira cifukwa ca kusowa ndalama kwa mwezi umodzi wokha.

Pangano la madesiki

Tiyerekeze kuti komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina yapangana ndi mmisiri wa matabwa kuti apange madesiki 40. Mitengo imene tichule pano ndi yongoyerekeza, yosankhidwa kuti masamu akhale apafupi. Desiki limodzi ndi K500, motero nchito yonse ndi K20,000. Komiti idzalipira m'zigawo zitatu. Gawo loyamba, K8,000, lidzaperekedwa mu Januwale poyamba nchito. Gawo laciwiri, K6,000, lidzaperekedwa mu Malici, koma pokhapokha madesiki 20 oyamba atafika pasukulu. Gawo lotsiriza, K6,000, lidzaperekedwa mu Meyi, madesiki onse atafika ndi kuyenderedwa.

Tsopano taonani zimene mmisiri adzawononga. Matabwa onse ndi K7,000. Misomali, guluu ndi vanishi ndi K2,000. Mnyamata womthandiza adzalandira K1,000 pa mwezi kwa miyezi inai, ndiye kuti K4,000. Galimoto yonyamula madesiki idzapita kusukulu kawiri, ulendo uliwonse K500, ndiye kuti K1,000. Zonse pamodzi zikwana K14,000. Tikacotsa K14,000 pa K20,000, patsala K6,000. Limeneli ndilo phindu, ndipo funso loyamba layankhidwa bwino.

Kalembedwe ka ndandanda

Kuti tiyankhe funso laciwiri, tifunika ndandanda yowerengeratu ndalama zolowa ndi zotuluka. Tengani pepala ndi lula. Gawani pepalalo m'mizere yotsika, mzere umodzi mwezi umodzi, kuyambira Januwale kufikira Meyi. Pa mwezi uliwonse mulembe zinthu zinai: ndalama zimene mwezi wayamba nazo, zolowa, zotuluka, ndi zotsala pakutha pa mwezi. Zotsala timazipeza pophatikiza zoyamba nazo ndi zolowa, kenaka ndi kucotsapo zotuluka. Zotsala za mwezi uno ndizo zoyamba nazo za mwezi wamawa.

Pali lamulo limodzi loyenera kusungidwa. Ndalama timazilemba m'mwezi umene zidzagwiridwa ndi manja, osati m'mwezi umene zinalonjezedwa kapena umene nchito inatha. Mmisiri akapereka madesiki mu Febuluwale koma komiti ndi kulipira mu Malici, ndalamazo ndi za Malici. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Lonjezo la komiti silingagule msomali ngakhale umodzi.

Njira yoyamba

Mmisiri wathu ali ndi K1,000 yaceyace poyamba nchito. Polandira K8,000 mu Januwale, ali ndi K9,000. Poona kuti ndalama zacuruka, aganiza zogula matabwa onse nthawi imodzi, K7,000. Agulanso theka la misomali, guluu ndi vanishi, K1,000, nalipira mnyamata K1,000. Zotuluka zakwana K9,000, ndipo Januwale atha mmisiri alibe ngakhale ngwee imodzi.

Mu Febuluwale mulibe colowa ciriconse. Koma mnyamata ayenera kulandira K1,000, ndipo mwini galimoto afuna K500 kuti anyamule madesiki 20 oyamba. Zotsala za Febuluwale ndi kupereŵera kwa K1,500. Nambala yotere tiilembe ndi inki yofiira, kuti diso liione msanga.

Taimani pang'ono pa mwezi umenewu, pakuti ndipo pagona phunziro lonse. Mmisiri sangalipire galimoto, motero madesiki sangafike pasukulu. Madesiki akapanda kufika, komiti siingapereke gawo laciwiri. Ndalama zimene zikanamuombola zikudikira madesiki, ndipo madesiki akudikira ndalama. M'nyumba yogwiriramo nchito muli mulu wa matabwa a K3,500 amene sadzakhudzidwa kufikira Malici, koma mwini galimoto salandira matabwa, ndipo mnyamata sangadye matabwa. Mmisiri sanabedwe, sanamwere, ndipo sanalakwe masamu a phindu. Wangogula cinthu coyenera pa nthawi yosayenera.

Njira yaciwiri

Tiyeni tilembenso ndandanda, koma tisinthe cinthu cimodzi cokha. Popeza madesiki 20 okha ndiwo afunika m'miyezi iwiri yoyamba, mmisiri agule theka la matabwa mu Januwale, K3,500, ndipo theka linalo alisiyire Malici, gawo laciwiri litalowa. Ndandanda ioneka motere:

Januwale: zoyamba nazo K1,000, zolowa K8,000, zotuluka K5,500, zotsala K3,500.
Febuluwale: zoyamba nazo K3,500; zolowa palibe; zotuluka K1,500; zotsala K2,000.
Malici: zoyamba nazo K2,000, zolowa K6,000, zotuluka K5,500, zotsala K2,500.
Epulo: zoyamba nazo K2,500, zolowa palibe, zotuluka K1,500, zotsala K1,000.
Meyi: zoyamba nazo K1,000, zolowa K6,000, zotuluka palibe, zotsala K7,000.

Tsopano palibe mwezi wofuna inki yofiira. Zotuluka zonse zikali K14,000, ndipo zolowa zikali K20,000. K7,000 yotsala mu Meyi ndiyo phindu lija la K6,000 pamodzi ndi K1,000 imene mmisiri anayamba nayo. Umu ndimo mungadziwire kuti ndandanda yanu ilibe colakwa: zotsala za mwezi wotsiriza ziyenera kulingana ndi phindu kuphatikiza ndalama zoyamba nazo. Zikasiyana, ndiye kuti pali cinthu cimene mwaiwala kapena mwacilemba kawiri.

Onaninso kuti phindu lonse la mmisiri lili m'gawo lotsiriza. Pakutha pa Epulo ali ndi K1,000 yokha, imene inali yace kale. Ngati atengako ndalama za cakudya ca pakhomo m'miyezi imeneyi, ayenera kuzilemba pa zotuluka monga zina zonse. Kutenga K500 mwezi uliwonse kwa miyezi inai kukwana K2,000, ndipo Epulo adzatha ndi kupereŵera kwa K1,000. Anthu ambiri amaiwala mzere umenewu.

Mtengo wa kudikira

Kugula matabwa kawiri kuli ndi mtengo wace. Mwina pofika Malici matabwa adzakhala atakwera, tinene ndi K300. Pamenepo phindu litsika kufika pa K5,700. Koma yerekezani ndi njira yoyamba. Kuti atuluke mu Febuluwale, mmisiri akanapita kukatenga kaloba. Ngati wobwereketsa apereka K1,500 nafuna kuti abwezeredwe K2,000, phindu lacepa ndi K500, ndiponso mmisiri wakhala ndi ngongole pakhosi. Ndandanda siimsankhira munthu njira, koma imamuonetsa mtengo wa njira iliyonse asanaponde.

Gawo likacedwa

Ndandanda ndi kuwerengeratu cabe, ndipo zinthu sizicitika nthawi zonse monga tinalembera. Cimene cimacitika kawirikawiri ndi kucedwa kwa malipiro. Makolo sanatsirize kusonkha, kapena mmodzi wa osaina ku banki wacoka, kapena mvula yaononga mseu ndipo madesiki afika mocedwa. Cifukwa cace munthu wanzeru amayesa ndandanda yace ndi funso lakuti, bwanji gawo laciwiri likacedwa ndi mwezi umodzi?

Tiyeni tiyese. Malici ayamba ndi K2,000 ndipo palibe colowa. Zotuluka ndi K5,500, motero papereŵera K3,500. Podziwa zimenezi mu Januwale, mmisiri ali ndi nthawi yokonzekera. Ayambe wasiyanitsa zolipira zimene zingasunthike ndi zimene sizingasunthike. Malipiro a mnyamata sasunthika, pakuti munthu wagwira nchito ndipo ali ndi banja. Matabwa angasunthike. Mmisiri angapangane ndi wogulitsa matabwa kuti atenge mu Malici nadzalipira mu Epulo. Pamenepo zotuluka za Malici zitsika kufika pa K2,000, ndipo ndalama zili m'manja zikwanira ndendende. Angathenso kupempha komiti, pangano lisanasainidwe, kuti zigawo zikonzedwe mwina, monga kukuza gawo loyamba kapena kulipira madesiki khumi alionse akafika. Pempho lotere limamveka bwino likadza ndi pepala loonetsa mwezi wa vuto, ndipo limamveka bwino koposa likadza nchito isanayambe.

Palinso msampha wina wobisika m'kati mwa mwezi. Ndandanda yathu ikuonetsa kuti Malici ali bwino. Koma ngati matabwa afunika pa 3 Malici ndipo komiti idzalipira pa 25 Malici, mmisiri akhala milungu itatu wopanda cogwirira nchito. Pamene zotsala zili zocepa, ndi bwino kugawa mweziwo m'milungu ndi kuwerenga mlungu uliwonse pawokha.

Potsiriza, ndandanda siilembedwa kamodzi ndi kuikidwa m'bokosi. Pakutha pa mwezi uliwonse, mmisiri awerenge ndalama zimene ali nazo, aziyerekeze ndi zotsala zimene analemba. Zikasiyana, afufuze cifukwa cace, alembe nambala yeniyeni, ndi kuwerenganso miyezi yonse yotsatira, pakuti kusiyana kwa mwezi umodzi kumayenda kufikira kumapeto.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, jambulani ndandanda pabolodi ndipo ana alembe okha manambala. Kwa ana aang'ono, gwiritsani nchito timiyala kapena njere za cimanga, imodzi kuimira K500, ndi mbale zisanu kuimira miyezi isanu. Mwana asunthe zotsala kucoka m'mbale imodzi kupita m'mbale yotsatira, aone ndi maso ace pamene mbale yauma.

Ana inu, yankhani mafunso awa m'mabuku anu:

1. Tsirizani ndandanda ya njira yoyamba kufikira Meyi, poyesa kuti mbale wace wa mmisiri wambwereka K1,500 mu Febuluwale ndipo wabwezeredwa yomweyo mu Malici. Kodi zotsala za Meyi zisiyana ndi za njira yaciwiri?
2. Mmisiri akanayamba wopanda K1,000 yace, kodi zotsala za Epulo m'njira yaciwiri zikanakhala zingati?
3. Kodi gawo loyamba liyenera kukhala la ndalama zingati kuti mmisiri agule matabwa onse mu Januwale koma osapereŵera mu Febuluwale?