Makina akamadwala mwa apo ndi apo, wogulitsa mumulembere chiyani?

M'fakitale kapena pamalo opopera madzi, chimene chimalamula mota kuti iyake kapena izime ndi kakompyuta kotchedwa PLC. Kakaferatu, amisiri sachedwa kupeza chavuta. Chosautsa n'choti nthawi zina kamangosiya kumvana ndi zida zinzake kwa masekondi ochepa, mmisiri pofika n'kupeza zonse zili bwinobwino. Ambiri amathamangira kulembera imelo kampani imene inawagulitsa: "PLC ikuvuta, tumizani femuweya yatsopano." Femuweya ndi pulogalamu ya mkati imene kachipangizoka kamabwera nayo. Koma injiniya amene ali kutali sangachite kanthu ndi mawu amenewa, chifukwa vutolo sanalione.

Tiyerekeze kuti pamalopo pali Siemens S7-1200 yolamula madraivi atatu a mapampu. Imelo yothandiza ingamveke chonchi:

"Bwana injiniya, PLC yathu imalankhula ndi madraivi atatu kudzera pa CM 1241, njira ya Modbus RTU, liwiro 19200, pa waya wa RS-485 wotalika mamita 300. Kawiri kapena katatu pa tsiku imaonetsa 80C8 kwa masekondi asanu, kenako imabwerera yokha. Zimachitikira madraivi onse, makamaka pampu yaikulu ikamadzuka. Wayayu wadutsa mumsewu umodzi ndi mawaya a mota. RESP_TO ili pa 1000. Rezisita ya maomu 120 ili kumapeto kumodzi kokha. Tamanganso zolumikizira zonse, koma sizinasinthe."

Nambala ya 80C8 imatanthauza kuti PLC inafunsa koma sinayankhidwe m'nthawi yake. Liwiro likanakhala lolakwika, zidazi sizikanamvana ngakhale kamodzi. Ikanakhala draivi imodzi yokha, tikanakayikira pamene yalumikizidwa. Koma onse atatu, pa nthawi imene mota yaikulu ikukoka magetsi ambiri? Pamenepo maso athamangire ku waya. Mawaya a mota amasokoneza uthenga wa waya woyandikana nawo, ndipo pa Modbus draivi ikalandira uthenga wowonongeka imangoutaya n'kukhala chete. N'chifukwa chake kuonjezera nthawi yodikira pa RESP_TO sikuchiza: yankholo silikubwera n'komwe.

Mafunso abwere pambuyo pa umboniwu. Kodi mapeto onse awiri a waya atsekedwe ndi marezisita otani? Chikuto cha waya chilumikizidwe pati ku nthaka? Za femuweya, lembani nambala imene ilipo panopa pa PLC ndi pa CM 1241, ndipo funsani ngati opanga analemba kuti yatsopanoyo imakonza vuto lenilenili, komanso ngati igwirizane ndi TIA Portal imene muli nayo. Kuiika kumafuna kuimitsa makina, choncho ine ndimaiona ngati njira yomaliza.

Musanatumize, phatikizani chithunzi cha mkati mwa bokosi la magetsi ndi zolembedwa mu Diagnostic buffer, ndipo sungani kope la pulogalamu yanu musanasinthe chilichonse.