Mivi yokana kukhota: chithunzi chiyambe, fomula ibwere pambuyo

M'kalasi ya masamu ku yunivesite, phunziro la maaigenivalyu limakonda kuyamba chonchi: mphunzitsi aonetsa silayidi pakhoma, pamwamba palembedwa Av = λv, pansi pake pali njira yowerengera. Ophunzira amakopera, mayeso n'kukhoza ndithu. Koma mukamufunsa mmodzi kuti nambala wapezayo ikunena chiyani, amangokanda m'mutu. Ine ndimaona kuti vuto ndi dongosolo la masilayidiwo. Fomula ija ndi yankho, ndipo ikuperekedwa kwa anthu amene funso lake sanalimve.

Funsolo limaoneka ndi maso. Dulani chubu chakale cha galimoto mupeze chibenthu champhira chambeembee. Pakati pake ikani kadontho ndi choko, ndipo kuchokera pakadonthopo jambulani mivi yoloza mbali zosiyanasiyana. Tsopano anthu awiri agwire ngodya ziwiri zopingasana, akoke. Mivi yambiri italika n'kupendekeranso komwe mphira ikukokedwera. Koma muvi umene unagona mumzere wokokerawo sukhota, umangotalika. Winanso wopingasa mzerewo sukhota, kungoti umafupikako pang'ono poti mphira ikatamuka imaonda. Mivi yokana kukhotayi ndiyo maaigenivekita, ndipo nambala yotiuza kuti muvi watalika kapena wafupika kangati ndiyo aigenivalyu.

Matirikisi ndi lamulo losunthira mivi mwa njira yotereyi. Muvi, womwe a masamu amati vekita, timaulemba ndi nambala ziwiri: (x, y) ndiye kuti mapazi x kulowera kum'mawa ndi mapazi y kulowera kumpoto. Titenge matirikisi A yokhala ndi 2 ndi 1 mumzere wapamwamba, 1 ndi 2 mumzere wapansi. Lamulo lake ndi lakuti (x, y) asanduke (2x + y, x + 2y).

Muvi (1, 0) ukuloza kum'mawa kwenikweni. Ukadutsa mu lamuloli ukutuluka uli (2, 1), wapendekera kumpoto. Muvi (0, 1) woloza kumpoto ukusanduka (1, 2), wapendekera kum'mawa. Onse awiri akhota, ndipo akhotera kumodzi. Nanga umene uli pakati pawo, (1, 1)? Ukutuluka uli (3, 3). Sunasunthe pamzere wake, wangotalika katatu. Yesaninso (1, −1), woloza pakati pa kum'mawa ndi kumwera: 2 kuchotsa 1 ndi 1, ndipo 1 kuchotsa 2 ndi −1. Wabwerera momwe unalowera. Tapeza maaigenivalyu awiri, 3 ndi 1, tisanagwire fomula iliyonse.

Wina angafunse kuti mizere iwiri yokhayi ili ndi ntchito yanji pakati pa mivi yosawerengeka. Tengani (1, 0) uja, muzimubwezera mu lamulo lomweli mobwereza. Atuluka (2, 1), kenako (5, 4), kenako (14, 13), kenako (41, 40). Taonani momwe nambala ziwirizo zikuyandikirana: muvi ukugonera pamzere wa (1, 1), ndipo ulendo uliwonse ukukula pafupifupi katatu. Chifukwa chake n'chakuti (1, 0) ndi theka la (1, 1) kuphatikiza theka la (1, −1). Gawo loyamba likuchulukitsidwa ndi 3 nthawi zonse, pomwe lachiwiri lili pomwepo, choncho posakhalitsa loyambalo limeza linzake. Mukadziwa mizere iwiriyi ndi nambala zake, mwadziwa tsogolo la muvi wina uliwonse. Njira yobwerezabwerezayi ndi imene Larry Page ndi Sergey Brin anagwiritsa ntchito m'ma 1998 posanja masamba a pa intaneti, kungoti matirikisi yawo inali ndi mizere mamiliyoni.

Apa ndiye silayidi ya tanthauzo ingabwere, ndipo ikupeza anthu akuidikira. Av = λv ikungonena kuti lamulo A likagwira muvi v, zotsatira zake n'chimodzimodzi kuchulukitsa muviwo ndi nambala λ. Pali kachenjezo kamene ophunzira amakonda kukadumpha: v asakhale (0, 0). Kadontho ka pakati kaja sikasuntha ngakhale mukoke bwanji, kotero kakanaloledwa, nambala iliyonse ikanakhala aigenivalyu. Komanso aigenivekita sakhala mmodzi: (2, 2) ndi (−5, −5) nawonso amatalika katatu. Chimene tapeza ndi mzere wonse, ndiye wophunzira amene yankho lake ndi (2, 2) pomwe buku lalemba (1, 1) sanalakwe.

Kuyesa mivi umodziumodzi kumatheka nambala zikakhala zofatsa ngati zathuzi. Zikavuta, pamafunika fomula ina ija, det(A − λI) = 0, imene ambiri amangoiloweza. Nayonso ili ndi chithunzi chake. Detaminanti ndi nambala yonena kuti lamulo likukulitsa malo kangati: sikweya ya phazi limodzi mbali zonse, A akaikoka, imatenga malo owirikiza katatu. Tsopano chotsani 3 pa ma 2 awiri aja. Lamulo latsopano ndi (−x + y, x − y), ndipo (1, 1) akalowamo akutuluka (0, 0). Mzere wonse waphwanyidwira pakadontho, sikweya ija yaphwatalala n'kukhala kamzere kopanda malo, detaminanti yake ndi ziro. Choncho fomula ikufunsa kuti: ndi nambala iti imene tikaichotsa, sikweya iphwatalala? Kwa A wathu ikupereka (2 − λ)² − 1 = 0, kutanthauza kuti 2 − λ ndi 1 kapena −1, ndipo λ ndi 1 kapena 3. Ndi zomwe zija maso anaona kale.

Pali njira yachidule yodzigwirira wekha ukalakwitsa. Maaigenivalyu ukawachulukitsa azipereka detaminanti: 3 × 1 = 3. Ukawaphatikiza azifanana ndi ma 2 awiri aja ophatikizidwa: 3 + 1 = 4. Chimodzi chikakana, bwerera.

Koma chithunzi cha mphira chisakunyengeni, chifukwa A wathu ndi wakhalidwe kuposa anzake. Mizere yake iwiri yakumana mopingasana ndendende, pa madigiri 90, chifukwa nambala ya kumanja pamwamba ikufanana ndi ya kumanzere pansi. Matirikisi zofanana mbali chonchi sizikhumudwitsa: Augustin-Louis Cauchy anatsimikiza mu 1829 kuti maaigenivalyu ake onse amakhala nambala wamba zimene tingaziike pamzere wa nambala. Zina sizitero, ndipo silayidi yabwino iyenera kuonetsako ziwiri.

Yoyamba ndi lamulo lotembenuza, (x, y) kusanduka (−y, x). Muvi woloza kum'mawa ukuloza kumpoto, wa kumpoto ukuloza kumadzulo, uliwonse wakhota madigiri 90. Palibe wokana. Fomula nayo ikuvomereza, pakuti ikupereka λ² + 1 = 0, ndipo palibe nambala wamba imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ingapereke −1. Mayankho ake ndi i ndi −i, nambala za mtundu wina, ndipo zikatulukira pa matirikisi yotere zimakhala zikuulula kuti m'lamulomo muli kuzungulira.

Yachiwiri ndi yozembera. Lamulo (x, y) kusanduka (x + y, y) limakankhira chilichonse cham'mbali molingana ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Fomula ikupereka (1 − λ)² = 0, ndiye kuti 1 wabwera kawiri, ndipo wophunzira wodalira kuwerengera amayamba kusaka mizere iwiri. Jambulani muone: (1, 0) akhala (1, 0), koma (0, 1) apita ku (1, 1), ndipo muvi uliwonse wodzuka pansi ngakhale pang'ono ukupendekera. Mzere wosakhota ulipo umodzi wokha, wogona uja, kotero njira ija yogawa muvi m'magawo awiri, imene inatithandiza pa (41, 40), pano siigwira.