Funso la Huygens ndi masamu ofafanizana okha

Mu 1672 ku Paris, katswiri wa sayansi wa ku Holande, Christiaan Huygens, adapatsa mnyamata wa ku Jeremani, Gottfried Leibniz, samu yomuyesa nzeru. Anati awonkhetse 1 + 1/3 + 1/6 + 1/10 + 1/15, n'kumapita choncho osalekeza. Manambala a pansiwo sangobwera mwachisawawa: 3 ndi 1 + 2, 6 ndi 1 + 2 + 3, ndipo 10 ndi 1 + 2 + 3 + 4. Leibniz adapeza kuti zonse pamodzi zimakwana 2, osaposa.

Munthu angawonkhetse bwanji zinthu zopanda mapeto? Yankho lake n'lakuti sawonkhetsa n'komwe. Amang'amba fulakishoni iliyonse pawiri, kenako zidutswazo zimadyana zokha.

Fulakishoni ya nambala n pamndandandawu imalembedwa 2/(n(n+1)). Poti pansi pake pali zinthu ziwiri zochulukitsana, n ndi n+1, tingayese kuilemba ngati A/n + B/(n+1), pomwe A ndi B ndi manambala oti tiwafufuze. Tikachulukitsa mbali zonse ndi n(n+1), timatsala ndi 2 = A(n+1) + Bn. Apa pali kanjira kachidule. Ikani 0 pamalo pa n, B asowa, ndipo A ndi 2. Ikani −1, A asowa, ndipo B ndi −2. Choncho fulakishoni yathu ndi 2/n − 2/(n+1).

Tsopano lembani zinayi zoyambirira m'maonekedwe atsopanowa:

(2/1 − 2/2) + (2/2 − 2/3) + (2/3 − 2/4) + (2/4 − 2/5)

Yang'anitsitsani. Chomwe chachotsedwa m'gulu loyamba, 2/2, chabwezedwa m'gulu lachiwiri. Chimodzimodzinso 2/3 ndi 2/4. Zapakati zonse zapita, kwatsala mutu ndi mchira: 2 − 2/5, kapena kuti 8/5. Okayika awonkhetse 1 + 1/3 + 1/6 + 1/10 mwa njira ya kupulayimale ija, apeza 48/30, yomwe ndi 8/5 yomweyo. Mndandanda wotere amautcha wa telesikopu, chifukwa umalowana ngati eriyo ya wailesi: yaitali mukaisolola, koma mukaikankha pamangooneka tsinde ndi kansonga.

Ubwino wake ndi wakuti kutalika kwa mndandanda sikuwonjezera ntchito. Mafulakishoni 99 akupatsani 2 − 2/100, yomwe ndi 1.98. Mukamapitirira, mchira uja umanka nuchepa mpaka kusiyana kwake ndi ziro kusowa, ndipo 2 wa Leibniz amachokera pamenepo.

Kutereraku n'komwe kumagwetsa ophunzira ambiri, chifukwa amaloweza kuti "chotsala n'choyamba ndi chomaliza" ngati lamulo. Si lamulo ayi. Taonani 1/3 + 1/8 + 1/15 + 1/24, pomwe fulakishoni iliyonse ndi 1/(n(n+2)). Wopupuluma alemba 1/n − 1/(n+2) n'kupitirira. Koma akadayesa n = 1 akadapeza 1 − 1/3, yomwe ndi 2/3, pomwe chofunika ndi 1/3. Waiwala theka: A ndi 1/2, B ndi −1/2. Kuyesa ndi nambala imodzi chonchi sikudya nthawi, ndipo ndinganene kuti wosayesa sanamalize samu.

Msampha wachiwiri uli pa kafafanizidwe. Tiike theka lija pambali kaye, tilembe:

(1 − 1/3) + (1/2 − 1/4) + (1/3 − 1/5) + (1/4 − 1/6)

Pano 1/3 sakumana ndi mnzake m'gulu lotsatira, amadumpha limodzi n'kukamupeza m'lachitatu. Motero kumutu kumatsala awiri, 1 ndi 1/2, kumchiranso awiri. Mchira ukazilala, theka la 1 + 1/2 ndi 3/4. Yemwe wasunga 1 yekha apeza 1/2, ndipo kumugwira n'kosavuta: 1/3 + 1/8 + 1/15 ndi 63/120, yaposa kale theka pomwe tangoyamba kumene.

Palinso ena amene amati asonkhanitse zophatikiza zonse mbali imodzi, zochotsera mbali ina, ndiye achotse pamapeto. Pamndandanda wosatha izi sizitheka, pakuti 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4, ukapitirira, umakula mopanda malire. Yambani mwaima pa nambala ina, fafanizani, kenako muone chomwe mchira ukuchita.

Njirayi imagwira pokhapokha chidutswa chochotsedwa apa chikabweranso patsogolo ngati chophatikiza. Mndandanda wa 1 + 1/4 + 1/9 + 1/16 ukufanana kwambiri ndi wa Huygens, koma pansi pake pali n kuchulukitsa ndi n yemweyo, ndiye palibe pong'ambira. Pietro Mengoli wa ku Bologna adaufunsa mu 1650, Leibniz naye udamukanika, ndipo padapita zaka zoposa 80 Leonhard Euler asanaonetse, pogwiritsa njira ina kotheratu, kuti yankho lake ndi π²/6.