Kukulitsa zilembo pa foni ya agogo

Azakhali anga a ku Madziabango ankapatsa foni aliyense wodutsa kuti awawerengere uthenga wa ndalama. Chinsinsi chawo chinkadziwika mudzi wonse, chonsecho vuto linali kuchepa kwa zilembo basi.

Amayi, khalani pambali pa agogo, foni ili m'manja mwawo. Ngati ndi ya Android, monga Itel kapena Tecno, tsegulani Settings, kenako Display, musankhe Font size. Kulitsani pang'onopang'ono mpaka awerenge okha dzina la mdzukulu wawo mosavutika. Mafoni ena alinso ndi Display size, yomwe imakulitsa mabatani ndi tizithunzi. Mukaona mawu akudukira pakati kapena batani labisika, mwapyola muyeso, chepetsani pang'ono.

Pa WhatsApp, lowani mu Settings, Chats, Font size, musankhe Large. Pa intaneti ya pakompyuta, gwirani Ctrl n'kudina +. Kuti zibwerere mwakale, dinani Ctrl ndi 0.

Ngati zilembo zakula koma agogo akuonabe ngati chifunga, mwina ndi ng'ala kapena matenda a shuga. Aperekezeni kuchipatala cha Madziabango, kumene angawatumize kuchipatala cha maso cha Lions, ku Queen Elizabeth.