Inki yofiira ikachuluka m'kope, mwana amaphunzirapo chiyani?

Mphunzitsi amene ali ndi ana 80 m'kalasi ya Fomu 3 akapereka chimangirizo chimodzi, ndipo kope lililonse n'kumutengera mphindi 10, amafunika maola opitirira 13 kuti amalize kuchonga. Ambiri amagwira ntchitoyi usiku ndi Loweruka, akudula mzere pansi pa liwu lililonse lolakwika. Chomvetsa chisoni n'chakuti Lolemba ana akalandira makope aja amayang'ana malikisi, kufunsana kuti "iwe wapeza angati?", kenaka n'kutseka kope.

Zimenezi akatswiri a maphunziro anazifufuza kalekale. Mu 1988 Ruth Butler anayesa ana 132 a kupulayimale ku Israel. Ena anawapatsa malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene analandira ndemanga zokha ndiwo anachita bwino pa ntchito yotsatira. Amene analandira zonse ziwiri sanapose anzawo a malikisi okha, kusonyeza kuti nambala ikakhala pamwamba pa tsamba, mawu a mphunzitsi sagwira ntchito yake.

Vuto lina analiona Nancy Sommers mu 1982, atawerenga ndemanga za aphunzitsi 35 a m'mayunivesite awiri a ku America. Anapeza kuti pa ndime imodzimodziyo mphunzitsi ankalamula wophunzira kukonza mipatuliro ndi kalembedwe ka mawu, m'mbali n'kulembanso kuti ndimeyo iyenera kukulitsidwa ndi kulembedwanso. Wophunzira ayambire pati? Akapukuta ziganizozo, mawa azifufuta polemba ndime yatsopano. Ndipo poti zonse zalembedwa ndi cholembera chimodzi, sangadziwe kuti chachikulu ndi chiti.

Nayi nkhani yoti tiyesere. Mtsikana wa Fomu 3 wapatsidwa mutu wakuti "Tsiku limene mtsinje unasefukira m'mudzi mwathu", ndipo walemba ndime zinayi. Mphunzitsi wodziwa ntchito amayamba wawerenga zonse cholembera chili pansi, kuti amve chimene mwanayo akufuna kunena. Akatero amawerenganso, akuika zolakwika m'magulu. Tinene kuti wapeza 34. Mwa izi, 13 ndi kusokoneza l ndi r, monga kulemba "kulila" m'malo mwa "kulira". Zina 8 ndi ziganizo zopanda mpumiro, zongolumikizidwa ndi "ndipo" mpaka mizere isanu. Zina 5 ndi mayina a malo oyamba ndi chilembo chaching'ono, 4 ndi kusiya h monga "ntawi", ndipo 4 zotsalazo n'zongoterereka dzanja. Zolakwika 34 zija zasanduka mavuto anayi okha, kuphatikizapo timaphuzo tochepa.

Koma vuto lalikulu silili m'gulu la 34 lija. Ndime zitatu zoyamba zikufotokoza kudzuka, kusesa pabwalo ndi ulendo wa kumsika, ndipo madzi akufika m'ndime yomaliza, m'ziganizo zitatu. Mwanayo sanayankhe mutu. Atakonza l ndi r yense, chimangirizocho chingakhalebe chofooka, chifukwa chake ndemanga yoyamba iyenera kugwa pamenepa: "Pamene walemba za mbuzi zikukokoloka ndinaona ngati ndili pomwepo. Yambira nkhani yako pamenepo. Madzi anafika nthawi yanji? Inu munathawira kuti? Za kumsika uzifupikitse zikhale ziganizo ziwiri." Ndemanga yotereyi ikumuuza chimene wachita bwino ndiponso choti achite mawa. Mawu ngati "yesetsa" kapena "sizikumveka" samupatsa pogwira.

Chachiwiri chikhale mipumiro, chifukwa ndiyo ikusokoneza tanthauzo: wowerenga sakudziwa pamene ganizo lathera. Apa mphunzitsi asankhe ndime yomaliza, imene itsale m'nkhani yatsopano. Akonze yekha chiganizo chimodzi ngati chitsanzo, ndipo pa mizere ina angoika kachizindikiro m'mbali, kuti mwana apeze yekha pofunika mpumiro. Njira ya kachizindikiro m'mbaliyi anaifotokoza Richard Haswell mu 1983, ndipo anapeza kuti ophunzira ake ankakonza okha zolakwika pafupifupi 6 pa 10 zilizonse popanda kuuzidwa yankho. Zambiri mwa zolakwika za mwana si umbuli ayi, koma kusawerenganso zimene walemba.

Nanga l ndi r, amene ali ochuluka kuposa zonse? Ameneyu asiyidwe kaye. Ngati theka la kalasi likulakwitsa chimodzimodzi, kukonza m'kope lililonse ndi kutaya usiku pachabe. Phunziro la mphindi 10 pa bolodi likwanira: m'kati mwa liwu, pambuyo pa i ndi e timalemba r, monga "kulira" ndi "kubwera", pamene pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga "kulola" ndi "kugula". Kenaka aliyense atsegule kope lake, asake yekha.

Njira yosankhayi ili ndi malire ake. Mu 1996 John Truscott anautsa mkangano ponena kuti kukonza galamala m'zolemba za ophunzira chiyankhulo chachiwiri kulibe phindu ndipo kulekedwe. Dana Ferris anamuyankha mu 1999 kuti kukonza kumathandiza kukachitika mosankha, ndipo anasiyanitsa zolakwika za mitundu iwiri. Zina zili ndi lamulo limene mwana angaphunzire n'kuligwiritsa ntchito, monga mpumiro kapena nthawi ya mneni. Zina zilibe lamulo losavuta, monga kusankha liwu losayenera kapena kupotoza mwambi. Pa zoterezi kachizindikiro m'mbali sikathandiza, chifukwa mwana sangapeze chimene sanachimvepo. Mphunzitsi angomulembera liwu loyenera. Izi zimaoneka kwambiri m'chimangirizo cha Chingerezi, phunziro limene wophunzira ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE. Komanso mwana wofooka kwambiri amafunika zitsanzo zochuluka kuposa zizindikiro. Ndipo kalata yofunsira ntchito kapena nkhani yopita m'magazini ya sukulu iyenera kukonzedwa yonse, chifukwa imeneyo ikupita kwa anthu.

Palinso mantha amene aphunzitsi ali nawo, ndipo ndi omveka. Kholo kapena mphunzitsi wamkulu akaona "kulila" wosadulidwa mzere, angaganize kuti mphunzitsiyo ndi waulesi, ndipo mwana angaganize kuti analemba molondola. Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba: "Lero ndayang'ana kuyankha mutu ndi mipumiro basi, zina tidzaziona m'chimangirizo chotsatira." Mphunzitsi asunge m'kabuku kake zimene wasiya kwa mwana aliyense, kuti lonjezolo lisakhale lapakamwa.

Ngati muyeso unali woyenera, zimaonekera pa kulembanso. Mtsikana uja akabwera ndi nkhani yoyambira pa madzi, mipumiro ili m'malo mwake, ndiye kuti angathe kusenza vuto lachitatu ulendo wotsatira. Akangokopera mawu a mphunzitsi osasintha china, ndiye kuti anachitiridwa ntchito yonse. Akabweza kope osakhudza kanthu, kapena akayamba kulemba tiziganizo tatifupi poopa kulakwa, zokonza zinamuchulukira. Zonsezi mphunzitsi sangazione ngati kulembanso kulibe nthawi yake. Choncho aphunzitsi apatule mphindi 20 za phunziro lotsatira kuti ana alembenso ndime imodzi m'kalasi momwemo, ndipo malikisi aperekedwe pambuyo pa ntchito imeneyo.